Ndimuyamikire bwanji msuweni m'Chipwitikizi pamene akumaliza ku Coimbra?

"Msuweni wanga, mwana wamkazi wa amalume a ku Ulongwe ku Mozambiki, akumaliza maphunziro a zachuma pa yunivesite ya Coimbra ku Portugal. Akuti mu Meyi kuli chikondwerero cha omaliza, ndipo akufuna mawu anga oti alembedwe pa riboni yake. Chipwitikizi sindichidziwa, koma ndikufuna kuti anzake akawerenga amve. Mnzanga wandilembera izi: Congratulações na sua graduação. Estou muito excitado por você. Kodi nditumize momwemu?" Mayi wa ku Dedza

Mayi, musatumize kaye, koma musade nkhawa. Mawu amene mukufunawo ndi ochepa ndithu, mizere inayi kapena isanu basi, ndipo mutha kuwalemba bwinobwino ngakhale simunalowepo m'kalasi ya Chipwitikizi. Pa zaka zimene ndakhala ndikuphunzitsa chiyankhulochi komanso kumasulira makalata a mabanja a kumalire kuno, ndaona kuti chimene chimasokoneza uthenga wotere si galamala kwenikweni. Anthu amaphonya nthawi. Amayamikira munthu pa chinthu chimene sanachipeze, kapena amatchula mwambowo ndi dzina la dziko lina. Choncho tiyambe ndi zimene zikuchitika ku Coimbra mu Meyi, chifukwa mawu onse atsatira pamenepo.

Chikondwerero chimene msuweni wanu akunena chimatchedwa Queima das Fitas, kutanthauza kuwotcha maliboni. Chimachitika chaka ndi chaka mu Meyi ndipo chimatenga pafupifupi sabata yathunthu. Yunivesite ya Coimbra inayamba mu 1290, ndipo miyambo ya ophunzira ake ndi imene mayunivesite ena a ku Portugal anatengera. Ophunzira amavala suti yakuda ndi chinsalu chakuda chofunda pamapewa. Tsiku la perete, magalimoto okongoletsedwa ndi maluwa a mapepala amatsika kuchokera kumtunda kumene kuli yunivesite kupita kumunsi kwa tauni, ndipo omaliza amayenda atavala zipewa zazitali, ndodo zili m'manja. Zipewa, ndodo ndi maliboni zimakhala za mtundu wa gawo la maphunziro la munthuyo. A zamalamulo ndi zofiira, a udokotala ndi zachikasu, ndipo a zachuma, kumene kuli msuweni wanu, ndi zofiira ndi zoyera. Riboni imene akukupemphani kulembapo ndi imodzi mwa maliboni aakulu amene amalendewera pa chikwama chakuda cha wophunzira. Dzina la mwambowu lisakuopseni. Chimene amawotcha ku Coimbra ndi kachingwe kena kakang'ono kotchedwa grelo. Maliboni olembedwa ndi makolo, abale ndi anzake amasungidwa, ndipo ambiri amakhala nawo mpaka ukalamba.

Tsopano nachi chimene anthu a kuno sitichidziwa msanga. Kwathu munthu amavala gauni zonse zitatha, mayeso atalemba, zotsatira zitatuluka, dzina lili pa mndandanda wa okhoza. Ku Portugal chikondwerero chimabwera mayeso omaliza asanalembedwe. Mu Meyi msuweni wanu adzakhala akadali wophunzira. Mayeso ake ali mu Juni ndi Julaye, ndipo amene watsala ndi phunziro limodzi kapena awiri amapatsidwa mwayi wina wolemba pambuyo pake. Ndiye mukamulembera pa riboni kuti mukumuyamikira chifukwa cha digiri yake, mwathamangira kutsogolo kwa iye mwini. Ambiri amangomwetulira, koma ndaonapo ophunzira amene mawu otere anawalemera pamtima, makamaka amene akudziwa kuti pali phunziro lina limene likuwavuta ndipo kumudzi aliyense wayamba kale kulengeza kuti mwana watha sukulu. Mwana wa amalume amene banja lonse lamuyang'ana ali kale ndi katundu pamutu, musamuwonjezere wina.

Chifukwa cha ichi ndimalangiza mauthenga awiri. Woyamba ndi wa pa riboni, wolembera munthu amene ali chaka chomaliza. Munthu wotere amatchedwa finalista, mawu amodzi omwewo kwa mwamuna ndi mkazi. Wachiwiri mudzautumiza iye akadzakuuzani yekha kuti zotsatira zonse zatuluka ndipo wakhoza.

Tisanalembe, tione zimene mnzanu anakukonzerani, chifukwa zolakwika zake ndi zomwe pafupifupi aliyense wochokera ku Chingerezi amachita. Congratulações ndi Chipwitikizi ndithu, koma ndi mawu a m'kalata ya ku ofesi kapena a pa msonkhano wa akuluakulu. Pachibale palibe amene amawanena. Mawu a tsiku ndi tsiku ndi parabéns, omwe amanenedwa munthu akakhoza mayeso, akapeza ntchito, akabereka mwana ngakhale pa tsiku lobadwa. Ku Portugal amakonda kuwakuza ponena kuti muitos parabéns. Chimene mukuyamikiracho chimalumikizidwa ndi pela kapena pelo, osati na. Mudzalemba parabéns pela licenciatura koma parabéns pelo mestrado, chifukwa dzina loyambalo m'Chipwitikizi limawerengedwa lachikazi pamene lachiwirilo ndi lachimuna.

Graduação ndi mawu amene amalume anu amawadziwa bwino, popeza ku Mozambiki mwambo wovala gauni umatchedwa cerimónia de graduação. Msuweni wanu angawamve. Koma anzake a ku Coimbra, amene mukufuna kuti awerenge, sanena choncho. Iwo amatchula digiriyo ndi dzina lake, kapena amangoti conclusão do curso, kumaliza maphunziro. Ku Brazil nako ndi kwina, kumeneko mwambowu ndi formatura. Mukapeza mawu okonzeratu pa intaneti, ambiri mwa iwo ndi a ku Brazil, ndipo mudzawazindikira ndi formatura ameneyu pamodzi ndi você.

Choopsa kwambiri pa uthenga wa mnzanuwo ndi excitado. Pa Chingerezi mawu ofanana nawo amangonena za chimwemwe, koma m'Chipwitikizi cha masiku onse, munthu wamkulu akati estou excitado, omvera amaganiza za chilakolako cha thupi. Tangoganizani mawu amenewo ali pa riboni imene amalume adzaigwira m'manja, ndipo anzake a m'kalasi akupatsirana. Ofunika apa ndi estou muito feliz por ti, ndakondwa nawe kwambiri. Komanso excitado ndi mawu a mwamuna. M'Chipwitikizi mawu ofotokoza za munthu amasintha kumapeto potengera amene akunenedwa. Ponena kuti ndikunyadira, inu monga mayi mudzati estou orgulhosa, pamene mchimwene wanu adzati estou orgulhoso, ngakhale nonse mukulembera mtsikana yemweyo. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa, amayang'ana wolandira kalata m'malo moyang'ana wolankhula. Njira yachidule yozembera vutoli ndi kulemba tenho muito orgulho em ti, ndimakunyadira kwambiri. Chiganizo chimenechi sichisintha, alembe mwamuna alembe mkazi.

Pa nkhani ya você ndiimepo pang'ono, chifukwa imakhudza ulemu, ndipo ife pa ulemu sitichita masewera. Anthu a kuno akaphunzira kuti tu ndi iwe ndipo você ndi inu, amathamangira você poganiza kuti munthu wa digiri sangamunene kuti iwe. Ku Portugal sizikuyenda choncho. Asuweni, achimwene, achemwali ndi anzako ndi tu, ngakhale atakhala nduna. Você kwa m'bale wako amamveka ngati mwayambana kapena ukumuika patali, ndipo kwa Apwitikizi ena mawuwa ngakhale kwa mlendo amamveka mwamwano. Ku Mozambiki anthu amasakaniza awiriwa momasuka, ku Brazil você ndiye wa tsiku ndi tsiku m'madera ambiri. Kwa msuweni wanu, mtsikana wa ku Ulongwe amene wakhala zaka ku Coimbra, lembani tu. Mukasankha tu, musasinthe pakati pa njira. Amayenda ndi teu, tua, te ndi ti. Seu ndi sua ndi a você. Uthenga umene wayamba ndi tu n'kutha ndi sua umadziwika nthawi yomweyo kuti ndi zidutswa zotola malo osiyanasiyana.

Nawu uthenga wa pa riboni umene ndingakulembereni:

Querida prima, parabéns, finalista! Saíste de casa com uma mala e muita coragem. Tenho muito orgulho em ti. Falta pouco, força nos exames! Um beijinho grande da tua prima de Dedza.

M'Chichewa ukunena kuti: Wokondedwa msuweni, wachita bwino womaliza iwe! Unachoka kumudzi ndi sutikesi imodzi ndi mtima wolimba. Ndimakunyadira kwambiri. Kwatsala pang'ono, limbikira pa mayeso. Landira moni wachikondi kuchokera kwa msuweni wako wa ku Dedza.

Muone kuti palibe paliponse pamene tanena kuti wamaliza, koma chimwemwe chonse chilipo. Mzere wachiwiri uja ndiwo mtima wa uthengawu, ndipo ndi umene ndikufuna kuti muusinthe ngati muli ndi china choona kuposa chimene ndaikacho. Riboni za omaliza zimadzaza ndi mawu ofanana, akuti tsogolo lowala, akuti maloto akwaniritsidwe. Mtsikanayo adzawerenga otere ambirimbiri sabata imodzi. Chimene adzabwerezenso kuwerenga ndi chinthu chimene inu nokha mukuchidziwa. Mwina munkagona chipinda chimodzi pa tchuthi kwa agogo, iye akuwerenga ndi nyali mpaka usiku. Mungalembe kuti Lembro-me de ti a estudar à luz do candeeiro, na casa da avó, ndikukumbukira ukuwerenga pa kuwala kwa nyali kunyumba kwa agogo. Chinthu chimodzi chokha chikwanira. Riboni ndi yopapatiza, ndipo mawu akachuluka wolembayo amayamba kupanikiza zilembo mpaka osawerengeka.

Za beijinho, ndikudziwa kuti kwa ife kutumiza mpsopsono kwa m'bale kumamveka zachilendo. Kwa Apwitikizi ndi katsekedwe wamba ka uthenga pakati pa akazi, kapena pakati pa mwamuna ndi mkazi a pachibale, ndipo palibe amene angaganize zina. Amuna okhaokha amatseka ndi um abraço, kukumbatira. Ngati mtima wanu sukumasuka, lembani um abraço grande ndipo palibe chimene chatayika. Chenjezo langa lili kwina. Ngati alongo anu akufuna kuwonjezera mawu awo, auzeni kuti nthabwala za chisuweni azisiye m'Chichewa komanso pafoni. Kwathu mnyamata akamuseka msuweni wake kuti mkazi wanga, aliyense amadziwa kuti ndi macheza a mwana wa amalume ndi mwana wa azakhali. Mawu omwewo akalembedwa minha mulher pa riboni ku Coimbra, palibe adzawamve ngati macheza, ndipo mtsikanayo adzakhala ndi ntchito yofotokozera anzake, mwinanso bwenzi lake.

Uthenga wachiwiri umafuna kuti mudziwe dzina lenileni la digiri. Mufunseni, musaganizire. Kuyambira 2006 dziko la Portugal linakonzanso maphunziro ake apamwamba kuti afanane ndi a mayiko ena a ku Ulaya. Digiri yoyamba ndi licenciatura, imene m'maphunziro ambiri imatenga zaka 3, ena 4. Yachiwiri ndi mestrado, kawirikawiri zaka 2, ndipo yapamwamba ndi doutoramento. Maphunziro ena monga udokotala amaphatikiza ziwiri zoyambazo, moti womaliza amatuluka ndi mestrado. Munthu amene wavutikira digiri yachiwiri, kulemba kafukufuku n'kukamuteteza pamaso pa aphunzitsi, mukamuyamikira pa licenciatura mwamubwezera m'mbuyo zaka ziwiri. Tiyerekeze kuti msuweni wanu ndi wa digiri yoyamba:

Querida prima, muitos parabéns pela tua licenciatura em Economia! Conseguiste! Foram anos longe de casa, com frio e saudades, e nunca desististe. A avó já te chama Doutora. Toda a família está orgulhosa de ti. Esperamos por ti com xima e galinha. Beijinhos.

Tanthauzo lake: Wokondedwa msuweni, tikukuyamikira kwambiri pa digiri yako ya zachuma. Wakwanitsa! Zinali zaka za kutali ndi kwanu, kuzizira ndi kupukwa, koma sunabwerere m'mbuyo. Agogo aakazi ayamba kale kukutchula Dokotala. Banja lonse likukunyadira. Tikukudikira ndi nsima ya nkhuku.

Ngati ndi digiri yachiwiri, sinthani malo amodzi okha, pela tua licenciatura em Economia akhale pelo teu mestrado em Economia. Orgulhosa wa mu uthengawu akutsata família, choncho sasintha ngakhale wotumiza atakhala mwamuna. Xima ndi momwe nsima imalembedwera m'Chipwitikizi cha ku Mozambiki, ndipo iye adzaizindikira pomwepo. Za Doutora si kukokomeza. Ku Portugal ndi ku Mozambiki munthu wa digiri yoyamba m'maphunziro ambiri amalemekezedwa ndi dzina limeneli, polemba amafupikitsa kuti Dr. kwa mwamuna ndi Dra. kwa mkazi. A zomangamanga ndi makina ndiwo amatchedwa Engenheiro kapena Engenheira. Pa envulopu kapena pa kadi, lembani mwachidule Dra., chifukwa kulemba mawu onse pamalo a ulemu otere kumasungidwira amene ali ndi digiri yapamwamba ija. Mkati mwa uthenga wa pachibale ngati uwu mutha kulemba onse, aliyense amva kuti ndi kunyadira kwa agogo.

Tizizindikiro ta pamwamba pa zilembo musatinyozere. M'Chichewa tinazolowera kulemba popanda timeneti, ndipo pafoni dzanja limafulumira. Koma avó ndi agogo aakazi pamene avô ndi agogo aamuna, ndipo kusiyana kwake kuli pa kachizindikiro kokhako. Ngati agogo aamuna anatisiya, uthenga wonena kuti o avô akumutchula Dokotala ungamudzidzimutse mwana ali kutali. Chimodzimodzi pais ndi makolo pamene país ndi dziko, e ndi mawu olumikizira ngati ndi, pamene é akutanthauza kuti ali. Pafoni, dinikizani chilembocho osachotsa chala, mudzaona mitundu yake ikutuluka pamwamba, musankhepo. Ngati foni yanu imakonza mawu yokha potsata Chingerezi, werenganinso musanatumize, chifukwa imakonda kusandutsa prima kukhala mawu ena.

Kafikitsidwe ka mawu pa riboni nakonso kafunika kukonzekera. Ophunzira amagawa maliboni masabata angapo chikondwerero chisanafike. Kutumiza riboni ku Dedza pa positi kuti mulembe ndi dzanja lanu n'kuibwezanso ndi kuika mtsikanayo pa chiopsezo choti tsikulo lifike chikwama chake chili chopereŵera. Njira imene mabanja ambiri a kutali amatsata ndi kutumiza mawu pa WhatsApp kuti mnzake wa dzanja labwino akopere. Ngati amalume kapena azakhali akupita ku mwambowo, atha kulemba m'malo mwanu. Wolembayo ayese kaye cholembera kunsonga kwa riboni, poti nsalu yoterera ija imamwaza inki ya zolembera zina ndipo zilembo zimasanduka mabala. Ine ndimakondanso kuti wolemba ajambulitse pepala limene walembapo mawuwo ndi dzanja lake n'kutumiza chithunzi, kuti mtsikanayo aone kalembedwe ka m'bale wake ngakhale pa riboni padzakhale dzanja la wina.

Pansi pa Chipwitikizicho ikani mzere umodzi wa Chichewa. Anthu a ku Angonia, kumene kuli Ulongwe, amayankhula chiyankhulo chathu chomwechi, ndipo mwana amene wakhala zaka akumva Chipwitikizi kuyambira m'mawa mpaka usiku ali ndi njala ya mawu a kwawo. Watinyaditsa, mwana wa amalume, kapena Bwerako bwino, tikukudikira. Anzake adzamufunsa tanthauzo lake, ndipo adzakondwa kuwamasulira. Pa chifukwa chomwechi, amalume eni ake ayamikireni m'Chichewa, pafoni kapena maso ndi maso, ndi ulemu wonse umene mumawapatsa masiku onse. Chipwitikizi chophunzira usiku umodzi sichingawafike pamtima monga angawafikire mawu oti amalume, mwagwira ntchito, mwana mwamuphunzitsa.

Mukafuna kutumizanso mawu ojambula kuti amve liwu lanu, yesezani mawu atatu okha. Parabéns ku Portugal amamveka ngati parabeinsh, mphamvu ili kumapeto ndipo liwu likudutsira m'mphuno. Querida ndi kerida, u uja samveka. Orgulho ndi orgulyu. Lilime lathu silisiyanitsa l ndi r, koma Chipwitikizi chimasiyanitsa, choncho pa prima ndi querida yesetsani kuti r amveke. Mukaphonya pang'ono palibe vuto, iye akudziwa kumene mukuchokera. Poimba foni kumbukirani kuti mu Meyi ndi Julaye nthawi ya ku Portugal imatsalira ola limodzi poyerekeza ndi ya kuno, ndipo sabata ya chikondwerero ophunzira amagona m'bandakucha. Imbani masana.

Mauthenga awiri ndalembawa mutha kuwatumiza momwe alili. Mukasintha mzere wa pakati uja n'kuikapo chikumbutso chanu, pezani munthu woti awerenge musanatumize, ndipo akhale wophunzira sukulu ku Mozambiki kapena ku Portugal. Ku Dedza, ku Lizulu ndi ku Tsangano anthu otere sasowa, aphunzitsi, anamwino ndi amalonda a tsidya linalo amabwera pa msika sabata iliyonse. Musangomufunsa ngati zili bwino, chifukwa mwaulemu adzangovomera. Mupempheni akuuzeni m'Chichewa chimene wamva, ndipo mudzadziwa nokha ngati ndi chimene mumafuna kunena. Wodziwa Chipwitikizi cha ku Brazil adzakusinthirani tu kukhala você ndi licenciatura kukhala formatura ndi mtima wabwino, koma mudzabwerera pomwe munayambira. Ngati banja lakupemphani kuti mudzalankhule pa phwando lomulandira ku Ulongwe pamaso pa alendo olankhula Chipwitikizi, imeneyo ndi ntchito ina. Lankhulani m'Chichewa ndipo wina amasulire, m'malo moloweza tsamba lonse la mawu amene simukuwamva. Ndipo ngati wina m'banjamo akuganiza zopita ku Coimbra, makalata a viza ndi zikalata zina zisalembedwe ndi mnzanu wodziwako pang'ono. Funsani ku ofesi yoona za viza ya Portugal kuti akufuna zotani, ndipo zomasulira zichitidwe ndi womasulira wovomerezeka.

Zikachitika kuti Julaye wadutsa msuweni ali chete, musafunse pa gulu la banja kuti digiri ili kuti. Mulembereni payekha kuti Estou contigo, prima. Força! Kutanthauza kuti ndili nawe, limba mtima. Uthenga wachiwiri uja usungeni m'foni mpaka iye atakuuzani yekha kuti Acabei, ndamaliza.